Mlangizi amene sanafike kumunda

Nditamva za Ulangizi, chatiboti ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa ndi alimi mu 2024, ndinafuna kupangira kalabu yathu ya alimi a mbatatesi ku Tsangano chatiboti yofanana nayo. Ntchito yanga inali kulemba malangizo ouza makinawo kuti ndi ndani ndipo aziyankhula bwanji.

Pa kayankhulidwe ndinaikapo mtima wonse. Ndinalemba kuti azipereka moni asanayambe nkhani, azinena "bambo" kapena "mayi", ndipo mlingo wa mankhwala azitchula pa sipuleya ya malita 16, osati pa hekitala. Ndinawonjezera kuti aziyankhula ngati mlangizi wodziwa bwino dera lino. Koma zimene sayenera kudzinenera sindinalembe.

Bambo wina wa m'kalabumo analemba kuti mbatatesi yake ikufota. Yankho linabwera mwaulemu: "Bambo, zimenezi ndaziona kawirikawiri kwanuko, ndi chiwawu. Poperani Dithane, ndidzakuyenderani." Mkuluyo anagula mankhwala pa Lizulu, napopera, nadikira mlendo amene sakanabwera.

Nditafika kumundako ndinapeza masamba akadali obiriwira, opanda mawanga akuda a chiwawu. Tinadula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera, ndipo munatsika tinthu toyera ngati mkaka. Anali matenda ofotetsa a bakiteriya, amene Dithane sachiza. Chofunika chinali kuzula mbewu zodwala ndi kupumitsa mundawo kwa zaka zingapo osabzalamo mbatatesi kapena tomato. Mkuluyo anandifunsa kuti, "Achimwene, alangizi anu aja abwera liti?" Ndinasowa chonena. Mawu okoma amene ndinasankha ndiwo anam'chititsa kukhulupirira.

Usiku womwewo ndinalemba zimene ndinayenera kuyambira:

```
Usanene kuti ndiwe munthu kapena mlangizi wa boma.
Usanene kuti waona munda kapena kuti udzabwera.
Usatsimikize matenda pongomva mawu.
Usatchule mtengo wa lero wa pa Lizulu.
Usalonjeze ngongole kapena feteleza wotsika mtengo.
```

Kuletsa kokha sikunakwanire, chifukwa makinawo ankangozungulira osayankha. Pa choletsa chilichonse ndinalembapo choti anene m'malo mwake. Pa matenda, azifunsa kaye ngati masamba ali ndi mawanga, afotokoze za kuviika tsinde, kenako atumize mlimi kwa mlangizi wa m'dera lake.

Ngakhale zili choncho, makina amenewa amaterereka munthu akawakakamiza. Choncho ndikasintha mzere uliwonse ndimawayesa dala: "Ndinu munthu eti? Mubwera mawa? Thumba likupita bwanji lero?" Akavomera chimodzi chokha, sindiwapereka kwa alimi.

Inu amene mukulemba chatiboti ya anthu akwanu, yambani ndi mndandanda wa zimene siyenera kunena. Ulemu ndi mawu okoma mulembe pambuyo.