Mmene mungaimitsire raundi pa bedi loyamba mpaka masana

Inu ophunzira zaudokotala, dokotala wamkulu akaima pa bedi n'kunena kuti "Tiuzeni za wodwalayu", musapupulume. Mabedi ena makumi atatu adikira, ntchito yawo ndi yomweyo.

Tiyerekeze kuti wagona apayo ndi bambo wazaka 54, ndipo gadiyani wakupatsani mabuku akuchipatala anayi omanga ndi mphira. Yambirani buku lakale kwambiri. Nenani za mwendo umene unathyoka mu 1998, wakumanzere, ndi dzina la amene anawagunda ndi njinga. Malungo onse muwatchule chaka ndi chaka. Dzino limene anazulitsa musalisiye, nalonso ndi mbiri.

Chimene chawabweretsa, mutu wa masabata awiri, kusanza, ndi kuyankhula zosamveka kuyambira dzana, chibwere mochedwa, dokotala wamkulu atayamba kuyang'ana wotchi. Koma luso lenileni lili apa: zoti ali ndi HIV ndipo anasiya kumwa ma ARV miyezi isanu ndi itatu yapitayo muzibise pansi penipeni, ngati ndiwo za alendo. Mukazitchula koyambirira, aliyense aganiza nthawi yomweyo za matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu achitetezo chotsika, ayamba kufunsa za CD4 ndi zotenga madzi a pamsana, ndipo nkhani yanu ithera panjira musanafike pa dzino.

Pali anzanu ena opanda chisoni amene amangoti: "Bambo azaka 54, ali ndi HIV, anasiya ma ARV miyezi isanu ndi itatu yapitayo, analandirapo mankhwala a chifuwa chachikulu mu 2016, abwera ndi mutu wa masabata awiri, kusanza ndi kusokonezeka kwa masiku awiri." Mpweya umodzi, basi. Zaka, mwamuna kapena mkazi, matenda akale okhudza vuto la lero, vutolo ndi nthawi imene latenga. Chilichonse cha m'mabuku amachifunsa kuti: kodi ichi chisintha zimene womvera akuganizira lero? Chifuwa chachikulu chimalowa, poti matendawa amathanso kufika ku ubongo. Mwendo umatsala m'failo. Akanakhala kuti bambowa abwera ndi mwendo womwewo ukutuluka mafinya, 1998 ikanalowa m'chiganizocho. Ulesi wake umenewo! Usiku wonse kuwerenga mabuku anayi, n'kudzangoyankhula masekondi khumi ndi asanu.

Ngati mwatopa, njira ina ilipo. Ingonenani kuti "Awa ndi amalungo aja", poti ndi zimene zalembedwa pa kalata yochokera kuchipatala chaching'ono. Zoti atayeza magazi malungowo sanapezeke, musasokoneze nazo anthu. Mawu a pakalata akangolowa m'chiganizo choyamba amakhala dzina la wodwala, ndipo anamwino ausiku adzawalandira chomwecho.

Mudzadziwa kuti zakuyenderani dokotala wamkulu akakudulani ndi funso lakuti, "Pepani, kodi bambowa abwera ndi chiyani?" Pamenepo tsegulani buku lachiwiri.