Mmene Mungaphere "Mwina" Pomasulira Chidule cha Kafukufuku

Wophunzira wa pa yunivesite akatha miyezi akuwerenga nkhono ndi nsomba m'madoko a ku Nkhata Bay, amalemba chidule cha zimene wapeza m'Chingerezi, kenako n'kufuna womasulira kuti komiti ya asodzi imveko. Womasulira wofuna kutchuka msanga atsate malangizo awa.

Choyamba, akaona kamawu koti may, akafufute. Munthu wopita kusukulu anganene bwanji kuti "mwina" ngati woombeza amene sanalipidwe? Tiyerekeze kuti wophunzirayo walemba zoti kuchepa kwa nsomba zodya nkhono mwina n'kumene kukuchulukitsa nkhono zofalitsa likodzo. Womasulira waluso alembe kuti: "Asodzi ndiwo abweretsa likodzo." N'chachifupi, papepala malo atsalapo, ndipo pamsonkhano wa ku Chikale palibe aodzere.

Nkhani ya nkhonoyi si yopeka. Jay Stauffer wa ku Penn State ndi Henry Madsen anaifufuza kwa zaka zambiri ku Chembe, m'boma la Mangochi, ndipo anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa, nkhono zinachuluka, likodzo nalo n'kukula. Komatu kuona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi si kugwira chimodzi chikubala chinzake, ndipo za ku Chembe sizingangosamutsidwira ku Nkhata Bay. N'chifukwa chake wophunzira wochenjera amalemba mosamala.

Chachiwiri, appears asamutaye, angomunenepetsa. "Zikuoneka ngati" ndi mawu a munthu wamantha. Awonjezere ka -ratu, pakhale "zikuonekeratu kuti". Zilembo zinayi zokha, kukayika kwasanduka umboni, ndipo mwini chidule powerenga mothamanga aziti zonse zili bwino.

Chachitatu, suggests akhale "zatsimikizira". Akachita manyazi, "zikusonyeza" angathandizenso kubisa mlandu, pakuti ambiri amamva ngati nkhani yatha. Asayerekeze kulemba kuti "zotsatirazi zikupereka chithunzi chakuti", inki idula. Zina n'zachidziwikire: "asodzi ena" akhale "asodzi", "m'madoko amene tinayendera" akhale "m'nyanja yonse", ndipo -nga- aziponyedwa paliponse kuti wina amve "n'zotheka", wina amve "zili ndi mphamvu yotero".

Apa nthabwala zithe kaye. Chichewa sichisowa mawu okayikira: n'kutheka kuti, mwina, zikuoneka ngati, onsewa alipo, ndipo aliyense ali ndi kulemera kwake. Amene amawataya ndi waulesi basi. Kumugwira n'kosavuta: awerengedwe mawu okayikira m'Chingerezi, awerengedwenso m'Chichewa, kenako munthu amene sanaone chidule choyamba abwezere Chichewacho m'Chingerezi. Pakatuluka chitsimikizo chimene mwiniwake sanalembe, wina wanama m'dzina lake.

Chomaliza, womasulira asadandaule ngati "mwina" mmodzi wapulumuka. Padoko pepalalo likamasuliridwanso pakamwa m'Chitonga, kenako nkhani ikwera Ilala kupita ku Likoma. Ikamafika kumeneko, mwana wasukulu amene anangowerenga nkhono adzakhala atalamula boma kuti liwotche zilimira zonse.