Malangizo kwa wa ku Zingwangwa amene akufuna kukongoza boma

Pali chinthu chodabwitsa pa nkhani ya ndalama m'makwalala a Zingwangwa. Munthu amakongoza mlamu wake K100,000 popanda ngakhale kapepala, n'kumuyendera mpaka nsapato kutha, koma mukamuuza kuti boma nalo limakongola kwa anthu wamba, limalemba tsiku lobweza ndipo limaika chiwongoladzanja, amakuyang'anani ngati mwamuitanira ku maliro a munthu wosamudziwa. Zikalata za ngongoleyi amazigulitsa ndi a Banki Yaikulu m'malo mwa boma. Zaifupi, zija amati tirezhale bilu, n'za masiku 91, 182 kapena 364, ndipo okushoni yake imachitika pafupifupi sabata iliyonse. Zazitali, mabondi, n'za zaka 2, 3, 5, 7 ndi 10. Poti anthu atsimikiza mtima kuti asamvetse zinthuzi, ndi bwino tiwathandize kusamvetsako mwadongosolo.

Langizo loyamba, ndipo ndi lalikulu: mukamva kuti 16 peresenti, musafunse kuti pa nthawi yaitali bwanji. Ganizani kuti ndi pa mwezi, monga amachitira wa katapila kapena amayi a banki m'khonde, ndipo yambani kufunsa mtengo wa malata. Mukafunsa mudzidula chimwemwe, chifukwa nambala imene amalengeza ndi ya pa chaka chathunthu, ngakhale chikalatacho chikhale cha miyezi itatu yokha. M'chaka cha 2024 chikalata cha masiku 91 chinkapereka 16 peresenti, cha masiku 182 chinkapereka 20, cha masiku 364 chinkapereka 26. Ndiye tengani cha masiku 91 cholembedwa K100,000. Simulipira K100,000 yonse ayi. Boma limakugulitsani motsitsa, pa K96,164, ndipo tsiku likakwana limakupatsani K100,000. Phindu lanu ndi kusiyanako, K3,836, chifukwa masiku 91 ndi gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a chaka. Amene amayembekezera K16,000 ali ndi ufulu wonse wokaima pa siteji ya minibasi n'kulengeza kuti boma lamubera.

Lachiwiri, iwalani kuti kuli msonkho. A MRA sadzakuiwalani: pa chiwongoladzanja amadulapo 20 peresenti ndalama isanakufikeni, moti K3,836 ija imasanduka K3,069. Lachitatu, mafomu muziwaopa. N'zoona kuti pamafunika chitupa cha unzika, akaunti ya ku banki ndi kusaina pempho kudzera ku banki yanu kapena kwa mabuloka a msika wa masheya, koma ulendo wa ku tauni ndi wautali kwambiri kwa munthu amene amapitako kawiri pa sabata kukangoona mitengo ya mafoni.

Langizo lachinayi ndi la tsiku lokhwimira. Sankhani chikalata poona nambala yaikulu basi, osaona kalendala. Ngati fizi ya mwana ikufunika mu Januwale, gulani mu Okutobala chikalata cha masiku 364, kapena bondi ya zaka 10, poti ndiyo imalengezedwa ndi chiwongoladzanja chonona. Januwale akafika, kadandauleni. Boma silibweza tsiku lisanakwane, ngakhale mulire chotani. Chimene mungachite ndi kugulitsa chikalatacho kwa wina kudzera ku banki kapena kwa buloka, ndipo wogulayo amadula mtengo kuti naye apezepo phindu. Zikakhala kuti chiwongoladzanja cha zikalata zatsopano chakwera, chanu chakalecho chimatsika mtengo kwambiri, chifukwa palibe amene angagule pa mtengo wabwino pepala lopereka zochepa pamene latsopano likupereka zambiri. Bondi ikakhala yaitali, kutsikako kumakulanso. Pali msampha wina umene ochenjera omwe amakodwamo. Bondi imalipira kawiri pa chaka, koma gawo limene imalipira nthawi ndi nthawilo likhoza kuchepa kwambiri poyerekeza ndi nambala yolengezedwa. Tiyerekeze kuti bondi ya K100,000 yalembedwa 10 peresenti: miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mulandira K5,000 yokha, msonkho usanadulidwe. Phindu lotsalalo labisala mu mtengo wotsika umene munagulira, ndipo mudzaliona tsiku lomaliza, boma likadzakupatsani K100,000 yathunthu. Amene anagula kuti azilipirira lendi mwezi ndi mwezi akambirane bwino ndi alandilodi.

Wina anena kuti 26 peresenti ya chikalata cha chaka si yocheperatu. Tiwerengere limodzi. Cholembedwa K100,000 munkagula pa K79,410. Phindu ndi K20,590, msonkho K4,118, ndiye m'manja mwanu mumabwera K95,882. Koma m'chaka chomwecho cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo, kutanthauza kuti ufa, sopo ndi mafuta ophikira zimene munkagula ndi K79,410 zinafika pa K103,000 chaka chitatha. Makwacha achuluka, koma jumbo yochokera ku msika wa Zingwangwa yapepuka. Ndipo amene anali ndi zikalatazi pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, boma linawalipira tambala iliyonse imene linalonjeza, koma tambalayo inali itaonda. Langizo lachisanu tsono: musawerengere zimenezi, mungadwale mutu.

Winanso adumphira pomwepo n'kunena kuti ndiye bola kuzisiya ku banki kapena pansi pa matilesi. Apa nthabwala tiziike pambali, chifukwa n'zokwiyitsa. Ndalama ya pansi pa matilesi imadyedwa ndi kukwera kwa mitengo konseko, yopanda chobwezera. Ya mu akaunti yosungira imabala pang'ono kwambiri, kenako n'kumadulidwanso mwezi ndi mwezi. Nanga mabanki amapita nayo kuti ndalama yanuyo? Gawo lalikulu amakongoza boma lomwelo, pogula zikalata zomwezi, n'kutenga chiwongoladzanja chimene inu munachiopa. Mayi wogulitsa tomato amene amasunga K5,000 pa sabata ku banki akukongoza kale boma osadziwa, phindu n'kumadya ena, ndipo zidziwitso za okushoni zimatuluka m'Chingerezi cha akatswiri, mu timanambala tosaoneka ndi maso. Chikalata sichikulemeretsani, koma chimachepetsa kuluzako, ndipo tsiku lake lobweza limadziwika musanatulutse ndalama.

Yatsala nkhawa ya amene amati boma likhoza kukana ngongole. Musawaseke kwambiri. Ngongole ya m'makwacha boma limaibweza mosavuta kuposa ya madola, chifukwa likhoza kukongola kwina n'kubwezera inu, ndipo likapanikizika ndalama zimasindikizidwa, ngakhale kuti zimenezo n'zimene zimakwezanso mitengo ija. Komabe ku Ghana, boma litalemedwa ndi ngongole mu 2022, eni mabondi anauzidwa kuti asinthanitse zikalata zawo ndi zina za chiwongoladzanja chochepa komanso zokhwima mochedwa, pamene matirezhale bilu sanakhudzidwe. Amene ali ndi ndalama yoti aifuna posachedwa ali ndi chifukwa chokondera masiku 91 kapena 182, n'kumagulanso chikakhwima, ngakhale nambala yake ndi yosanyaditsa pa bawo.

Langizo lomaliza ndi la tsiku lolandira. Musauze banki ngati mukufuna kuti ndalamayo igulenso chikalata china kapena ilowe mu akaunti. Ingoisiyani igwere mu akaunti mwakachetechete, makamaka kumapeto kwa mwezi, uthenga wa pa foni ulire muli pa Kamba ndi anzanu asanu ndi mmodzi.