Maimelo asanu kwa bambo amene anali atalipira kale

Azakhali anga amasoka zovala za ana ku Biwi. Ali ndi makina awiri ndi mtsikana mmodzi wowathandiza kudula nsalu. Mu 2023 ine ndinawapangira tsamba logulitsira pa intaneti pogwiritsa ntchito WooCommerce, chifukwa ambiri amene ankawatumizira mauthenga anali abale athu a ku Joni ndi ku Ulaya ofuna kugulira ana awo amene anatsala kuno. Anthu a ku Kawale ndi ku Area 23 amangobwera okha kudzayeza. Akutali aja ndi amene amatsegula imelo tsiku lililonse.

Disembala atayandikira ndinaona kuti anthu ambiri akuika madiresi m'dengu la patsambalo, kulemba dzina ndi imelo, kenako n'kuchoka osalipira. Ndinali nditawerenga kuti bungwe la Baymard Institute, limene limafufuza za kugula pa intaneti, limapeza kuti madengu pafupifupi 70 pa 100 alionse amasiyidwa motero. Kwacha nayo inali itangogwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, nsalu itakwera mtengo, azakhali akudandaula usiku uliwonse. Ndinaganiza kuti ndalama zathu zagona m'madengu amenewo.

WooCommerce payokha situmiza zikumbutso zotere, choncho ndinaonjezera kapulogalamu kena. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Munthu akangolemba imelo yake pamalo olipirira, iko kamaisunga. Ikadutsa nthawi imene mwaika iye asanamalize kugula, kamalemba kuti dengulo lasiyidwa n'kuyamba kutumiza makalata amene munakonzeratu. Kamasiya pokhapokha munthuyo akamalizira kugula patsamba pomwepo. Mfundo yomalizayi ndinaiwerenga koma sindinaiganizire.

Ndinaika makalata asanu: loyamba patatha mphindi 30, ena anayiwo tsiku lililonse motsatizana. Mitu yake ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu. Lachitatu linkati katundu watsala pang'ono kutha, zimene sizinali zoona, poti azakhali amasoka munthu akaitanitsa. Lachinayi linkachotsera 15 peresenti. Azakhali sindinawauze chilichonse. Ndinkafuna kuti adzangoona maoda akuchuluka.

Chimene ndinaiwala ndi momwe makasitomala athu amagulira. Munthu wa ku Joni amasankha diresi patsamba, kujambula chithunzi chake, kutumizira azakhali pa WhatsApp, n'kuuza mkazi wake kapena mchemwali wake kuno kuti alipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndalama imalowa pafoni ya azakhali, iwo n'kulemba m'kope lawo lachikuto chofiira. Tsamba silidziwa kanthu. Kwa kapulogalamu kaja, munthu amene walipira kale ndi amene wathawa ndi chimodzimodzi.

Pa 12 Disembala usiku, tikudya, foni ya azakhali inalira. Anali bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ana ake awiri aakazi ali ku Chinsapo. Anali atatumizira mkazi wake ndalama ya madiresi awiri sabata yapitayo, mayiyo n'kulipira tsiku lomwelo. Koma bamboyo anali atalandira makalata anga onse asanu omuuza kuti sanalipire. Pa kalata yachitatu anaimbira mkazi wake kumufunsa kumene ndalama yapita. Pa yachisanu anali atauza kale alamu ake kuti mayiyo wadya ndalama ya ana.

Azakhali anatsegula kope, kuwerenga tsiku ndi nambala ya malipiro, n'kumutumizira chithunzi cha madiresi awiriwo ali pa waya, atasitidwa kale. Atadula foni anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, makalata amenewa akupita m'dzina la ndani?"

"M'dzina lanu, azakhali."

"Ndiye wandichititsa kunena mayi wosalakwa kuti ndi wakuba."

M'mawa mwake tinakwera minibasi kupita ku Chinsapo, mvula ikuwaza, madiresi ali m'jumbo. Mayiyo anatilandira pakhonde, n'kutiyalira mphasa. Ndinagwada n'kufotokoza kuti cholakwa ndi changa, ndipo ndinaimbira mwamuna wake iye ali pomwepo kuti amve kuchokera pakamwa panga. Sanakalipe. Anangonena kuti masiku atatu sanagone, ndipo mawu amenewo amandiwawabe.

Vuto lachiwiri linali la ndalama. Nditayerekeza mndandanda wa patsamba ndi kope lofiira, ndinapeza kuti mwa anthu 23 amene ndinkawatumizira makalata, 7 anali atalipira kale mtengo wonse, ndipo onsewo anali ataona kalata yochotsera ija. Diresi linali K18,000, ndiye 15 peresenti ndi K2,700. Anthu 7 amenewo anagula madiresi 11. Azakhali anati sangalipiritse wokhulupirika ndalama zambiri kuposa wozengereza, choncho anabweza K29,700. Phindu lawo pa diresi limodzi linali pafupifupi K3,500, kutanthauza kuti madiresi amenewo anawasoka pafupifupi mwaulere, mwezi umene amapezera fizi ya Januwale ya ana awo.

Otsala aja ndinawalembera mmodzimmodzi kupepesa, ndipo ena anayankha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati anaiwala. Wina ankadikira kuti agogo ku Area 25 amuyeze mwana m'chiuno. Wina ankadikira malipiro a pa 15. Mayi wina anaima ataona mtengo wa kabaza wokasiya katundu ku Mgona, umene unkangoonekera kumapeto kwenikweni. Mu Disembala ndalama imodzi imalimbiranidwa ndi feteleza, mpunga, nkhuku ndi fizi, ndipo munthu amene akuwerengera zonsezi safunika kumuuza kasanu kuti afulumire.

Ndinafufuta makalata onse n'kulemba imodzi, azakhali ali pambali panga. Imapita patatha tsiku lathunthu, ndipo madzulo aliwonse ndimayamba ndatenga kope lofiira n'kuchotsa pamndandanda aliyense amene walipira pafoni. Mutu wake unali wakuti "Diresi lachikasu la zaka 6 lija". M'kati munali chithunzi cha diresilo ndi mawu awa:

"Zikomo poyendera tsamba lathu. Ngati mwalipira kale pafoni, musadandaule, oda yanu tili nayo ndipo kalatayi musaiwerengere. Ngati mukukayika saizi, titumizireni msinkhu wa mwana ndi muyezo wa m'chifuwa, tikuthandizani. Kuti diresi lifike Khirisimasi isanakwane, tikufunika kulandira oda pofika pa 18 Disembala. Mtengo wokasiya m'makomboni a Lilongwe uli m'munsimu. Ngati mwasintha maganizo palibe vuto, ndipo mukadina apa sitikulemberaninso."

Tsiku la 18 sindinalipeke. Azakhali anawerengera kuti makina awiri amatulutsa madiresi asanu ndi limodzi patsiku magetsi akakhalapo, n'kusiya masiku awiri a kuzima kwa magetsi ndi a mvula. Kalata yachiwiri, ya mizere iwiri yokha, inapita pa 17 kwa amene sanayankhe, ndipo panalibenso yachitatu. Kuchotsera mtengo tinakusiya. Pamalo olembera imelo ndinaikaponso kabokosi koti munthu avomere kukumbutsidwa, ndipo amene sanachonge sitimulembera.

Mwa amene analandira kalata yatsopanoyi, anayi anagula. Awiri a iwo anayamba atumiza muyezo, ndipo mmodzi akanatenga saizi yaing'ono tikanapanda kufunsa. Ndalama yake sinakwane kubweza imene tinataya.

Bambo wa ku Joni uja sanaguleponso. Mkazi wake anabwera yekha ku Biwi mu Januwale ndi yunifomu ya mwana wamkulu kuti azakhali aitalikitse. Analipira ndalama pamanja, ndipo anapempha kuti amulembere lisiti, dzina lake ndi tsiku zioneke bwino.