Moni Wofuula wa pa Chitakale

Moni wofuula ndi moni amene munthu amapereka ndi khosi lonse pamalo pamene phokoso lachuluka, monga pamsika, pasiteji kapena m'kati mwa minibasi. M'boma la Mulanje moniyu amapezeka wokhwima bwino m'mbali mwa msewu wa M2, umene umadutsa ku Limbe kukafika kumalire a Muloza, makamaka pamsika wa Limbuli ndi pa Chitakale, pamene msewu wa ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira. Anthu osadziwa amaona ngati ndi kusokosa chabe. Komatu pa mitundu yonse ya moni, uyu ndiye wopirira kuposa onse, chifukwa amagwira ntchito pamalo pamene moni wa ulemu amakomoka asanatuluke n'komwe pakamwa.

Gwero lake ndi malamulo awiri amene sagwirizana. Loyamba ndi la mwambo, ndipo limati wamkulu amapatsidwa moni ndi mawu otsika, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, chipewa chitavulidwa, mkazi atanyutako pang'ono. Kukweza mawu pamaso pa wamkulu ndi mwano. Koma mwambo womwewo umatinso kudutsa munthu womudziwa osamulonjera ndi mwano woposa, ndipo nkhani yake imakafika kumudzi munthuyo asanafike. Lamulo lachiwiri ndi la phokoso, limene silidziwa kuti uyu ndi mfumu kapena uyu ndi mpongozi. Munthu woima pa Chitakale, ataona amalume ake kutsidya kwa msewu, amayenera kusankha pakati pa mwano wa kukuwa ndi mwano wa kukhala chete. Anthu a ku Mulanje anasankha kalekale, ndipo anasankha mokweza.

Akatswiri amayeza kukula kwa mawu ndi muyeso wotchedwa desibelo. Kucheza wamba kwa anthu otalikirana mita imodzi kumakhala pafupifupi madesibelo 60, ndipo kukuwa kwa munthu wa mapapo abwino kumafika cha m'ma 85. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi madesibelo 6. Choncho "Muli bwanji?" wotuluka ndi mphamvu ya 85 amakhala 79 pa mamita awiri, 73 pa mamita anayi, ndipo pofika kwa amalume amene aima pa mamita asanu ndi atatu watsala 67. Apo n'kuti pakati pawo pali minibasi yoliza huta, oitanira akuimba "Limbe! Limbe!" ndi njinga zamoto za kabaza zikupuma utsi. Nzeru ya masamuwa ndi yakuti kuyandikira kumathandiza kuposa kukuwa: kudula mtunda pakati n'kosavuta kusiyana ndi kuwonjezera madesibelo 6 pakhosi lomwe lafika kale pamapeto. Nzeru imeneyi ambiri saitsatira, chifukwa moni woperekedwa pafupi amamva ndi munthu mmodzi yekha, pamene wofuula amadziwitsa siteji yonse kuti mwana wa uje analeredwa bwino.

Mu 1911 dotolo wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu osadziwa, ngakhale asanafune kutero. Aliyense akakweza, phokoso limakula, ndiye aliyense amakwezanso. Izi ndiye zimachititsa kuti msika wa Limbuli uyambe m'mawa ndi manong'onong'o koma pofika masana mayi wogulitsa chinanazi azilankhula ndi mnzake wa pambali pake ngati akuitana munthu ali pa Sapitwa. Palibe woyamba mlanduwo, ndipo aliyense amabwerera kwawo akudandaula kuti anthu a masiku ano ndi aphokoso.

Chichewa chili ndi mwayi pa ntchito imeneyi. Maphatikizo ake amathera ndi lembo la liwu, ndipo phatikizo lotsatizana ndi lomaliza limatalika mwachibadwa. Malembo a liwu ndiwo amanyamula mphamvu ya mawu, pamene enawo, monga s, f ndi th, amamira msanga m'phokoso. Katswiri wa moni wofuula amadziwa zimenezi ngakhale sanaziwerenge: sataya mpweya pa "muli", amausungira "bwaaanji", ndipo amadikira kamphindi kamene woitanira akumeza malovu. Amayambanso wakumanitsa maso ndi mwini moniyo, pakuti khutu limamva bwino mawu amene diso likuona pamilomo.

Apa ndiye pali ngozi yoyamba. Pa moni yense, mawu amene amawoloka msewu ali moyo ndi "bwanji" yekha, ndipo pamsika "bwanji" ndi funso la mtengo. N'chifukwa chake munthu wofunsa za moyo wa mlamu wake wogulitsa matemba amayankhidwa mtengo wa mulu, nthawi zina ndi lonjezo la basera. Ngozi yachiwiri imagwera oyesa kuthandiza mawu ndi dzanja. Pa Chitakale dzanja lokwezedwa lili ndi eni ake: amene wakweza dzanja kulonjera aphunzitsi ake akale amapezeka atazingidwa ndi akabaza atatu, chikwama chake chili kale m'manja mwa woitanira amene akulumbira kuti galimoto yatsala munthu mmodzi. Ngozi yachitatu ndi yachisoni. Popeza moni amadziwika asananenedwe, anthu amayankha zimene akuyembekeza kumva osati zimene zanenedwa. Wina akakuwa kuti "Kunyumba sikuli bwino, agogo atisiya!" mnzake kutsidya amamwetulira n'kubweza kuti "Zikomo kwambiri, mukawapatse moni!" Chizindikiro chakuti zalakwika n'chosavuta kuona: woyankha akumwetulira, wonena waima chilili, ndipo amayi ogulitsa nthochi pakati pawo agwira pakamwa.

Koma pachimake pa luso lonseli ndi m'minibasi, pamene mkamwini akumana ndi apongozi ake aakazi. M'midzi yambiri ya ku Mulanje, mwa Alhomwe ndi Amang'anja omwe, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo apongozi amawalemekeza ndi manyazi: sawayang'ana m'maso, sakhala nawo pafupi, akakumana panjira amapatukira kumbali. Minibasi ndi chinthu chimene chinapangidwa popanda kufunsa mwambo umenewu. Ilibe kumbali kopatukira, ndipo mpando wa anthu atatu umakhala ndi anayi, wachisanu atatsamira theka.

Nkhani imayenda chonchi. Mkamwini wakwera pa Chitakale kulowera ku Muloza, ulendo wa makilomita pafupifupi 30, ndipo wapanikizidwa kumpando wa kumbuyo pakati pa thumba la nandolo ndi bambo wonyamula batire. Galimoto itayamba kuyenda, amazindikira duku limene lili kumbuyo kwa dalaivala. Ndi apongozi. Iwonso amuona, chifukwa apongozi amaona ndi kumsana komwe. Akakhala chete, madzulo mkazi wake adzamva kuti "bambo a kwanu aja masiku ano salonjera anthu". Akakuwa, ndiye kuti wakalipira apongozi pagulu. Kugwada sangathe, kuwomba m'manja sangathe chifukwa dzanja limodzi lili pansi pa batire, ndipo kugogoda denga kuti amveke kungaimitse galimoto.

Njira yovomerezeka ndi yotumiza moni monga zimayendera ndalama za ulendo, kuchoka dzanja ili kupita dzanja lina mpaka kutsogolo. Mkamwini amakodola wa patsogolo pake n'kunena motsitsa kuti, "Pepani achimwene, mundiperekereko moni kwa mayi avala duku lobiriwirawo." Achimwenewo amauza mtsikana wa patsogolo pawo kuti, "Akuti moni kwa mayi awo." Mtsikanayo, amene khutu lina latsekedwa ndi nyimbo za mufoni, amauza kondakitala kuti kumbuyo kuli wina akufuna mayi awo. Kondakitala, munthu amene mmero wake unaumbidwa pasiteji, amamaliza ntchito: "Mayi inu! Akuti muli bwanji, abambo a kumbuyoko!" Minibasi yonse imatembenuka kuona abambowo. Apongozi, osatembenuka, amayankha choyang'ana pansi kuti ali bwino, kaya iwo, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo n'kufika kumbuyo litasanduka "akuti muwalipirire". Mkamwini amalipira. Palibe mkamwini m'mbiri ya msewu umenewu amene anatumiza uthenga wofunsa ngati apongozi ananenadi zimenezo, ndipo apongozi nawo sanamvekepo akutsutsa.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Mkamwini sanakweze mawu, apongozi sanayang'anizane naye, moni wafika, ndipo pali mboni zodzaza galimoto. Wokuwa ndi kondakitala, amene alibe chibale ndi aliyense ndipo manyazi anawasiya ku Limbe. Vuto limakhalapo pokhapokha ngati m'galimotomo muli maduku obiriwira awiri, pamene mayi wachilendo amalandira ulemu ndi ulendo waulere, apongozi enieni akumvetsera.

Adani a moni wofuula nawonso ayenera kutchulidwa, chifukwa popanda iwo lusoli silikanakula. Pali anyamata oika nyimbo m'mafoni, amene amakhulupirira kuti sipika ikaloza kumsewu ndiye kuti malonda ayenda, ndipo akakhala awiri moyandikana amapikisana mpaka nyimbo zonse ziwiri zitasowa mutu. Pali chimkuzamawu cha wogulitsa mankhwala a makoswe, chimene chimabwereza chiganizo chimodzi tsiku lonse mwini wake akugona pansi pa ambulera. Pali chigayo, owotcherera zitsulo, ndi mlaliki amene amaima dala pamene pali anthu awiri ofuna kulonjerana. Izi si zoseketsa zokha: phokoso la madesibelo 85 likamamveka maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku limawononga makutu pang'onopang'ono, ndipo makutu otero sabwerera. Mayi amene wagulitsa tomato pafupi ndi sipika kwa zaka zambiri akamayankha "Ee?" pa moni aliyense sikuti ndi matama. Odula ziphaso za pamsika amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, ndipo makutu awo ndi odabwitsa: amamva kukhwaya kwa ndalama ya pepala m'kansalu ka pachiuno, koma dandaulo la sipika limawapeza atagontha.

Moni wofuula ali ndi malire ake. Safika pa malonje enieni, ofunsa za ana, za matenda ndi za mvula, chifukwa palibe amene angalengeze pasiteji kuti mwana watsegula m'mimba. Amakwanitsa mafunso awiri okha, ndipo zotsalazo amazitsekera m'mawu akuti "Tionana!" Sagwiranso ntchito galimoto ikanyamuka, ngakhale ambiri amayesabe, mutu uli pawindo, "kaya inu" akumwazikira m'minda ya tiyi. Achinyamata anachepetsa vutoli ndi "Bho?" ndi chala chachikulu chokwezedwa, zimene zimawoloka msewu uliwonse, koma chala chimenecho sichilozedwa kwa amalume, kwa amfumu kapena kwa apongozi. Amene anayesapo kuimba foni kwa munthu amene akumuona kutsidya kwa msewu anapeza kuti onse awiri akukuwabe, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mayunitsi akutha.