Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko, Ngakhale cha Bwana

Makolo athu ankagona m'nyumba zopanda chimbudzi cha m'kati, ndipo usiku kunja kunkayenda afisi. Munthu akadya nyemba zogona, m'mimba n'kuyamba kubwadamuka pakati pa usiku, ankayamba watembenuka kaye pamphasa, kutsokomola, kubuula pang'ono, poganiza kuti wina amva chisoni n'kudzuka kukamuchotsera mpiringidzo. Koma anzake onse ankangoliza mkonono, ena mwadala. N'chifukwa chake akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Afisi adachepa m'matauni, koma zitseko zoopsa zilipobe. Choopsa kuposa zonse chili kumapeto kwa khonde la ofesi, ndipo kuseri kwake kumakhala bwana. Tiyeni tione za mkulu wina amene tingomutcha a Zengerezu, poti dzinali adalivala bwino. Iwo ndi kalaliki wa zachuma pakampani ina ku Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre. Amakhala ku Ndirande, kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo m'thumba la jekete lawo mudagona kalata yopempha tchuthi kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga kuuma.

Kalatayo idalembedwa mu Novembala, kuti akabzale kumudzi. Tsiku loti akaipereke, bwana adafika atakwinya nkhope chifukwa galimoto lawo lidakhulidwa pa mphambano. A Zengerezu adati si lero. Mu Disembala adalembanso ina yoti akadye Khirisimasi kwawo, koma adamva bwana akukalipira mlonda, n'kuona kuti mkwiyo wotsala ungagwere iwo. Mu Januwale chifukwa chidasanduka kupalira, mu Febuluwale kuthira feteleza wobereketsa. Pofika mu Epulo envulopu idali itafewa ndi thukuta, ndipo mayi a kunyumba adaipulumutsa kawiri pochapa jekete.

Zimene ankachita miyezi yonseyi n'zomwe zija za pamphasa. Ankayasamula mokweza bwana akamadutsa. Ankasisita msana podzuka pampando. Pa nthawi ya tiyi ankanena mokuwa kuti mayi awo ku Ntcheu ayamba kuiwala nkhope yawo. Ankakhulupirira kuti tsiku lina bwana adzaima pa desiki yawo n'kunena kuti, "A Zengerezu, mwatopa, kapumeni." Bwana wotero mwina aliko kwinakwake, koma ku Ginnery Corner sadafikeko.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chimene ankaopa kupemphacho chidali chawo kale. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi masiku osachepera 15 a tchuthi pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi masiku osachepera 18. Malipiro sadulidwa. Tchuthicho chiyenera kutengedwa isanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pamene chakwanira, pokhapokha wantchito ndi womulemba atagwirizana kuti achisungire m'tsogolo. Gawo la bwana lili pa tsiku: ndiye amavomereza nthawi yopitira, atakambirana ndi mwini tchuthi. Choncho bwana angathe kukuuzani kuti mwezi uno ayi, tidikire tiwerenge katundu, koma sangakuuzeni kuti pakampani pano tchuthi kulibe.

A Zengerezu zonsezi ankazidziwa. Ankazifotokozera anzawo momveka bwino pa chiwaya masana, chipisi chili m'manja. Kungoti lamulo limakoma pa chiwaya, pa chitseko cha bwana limasungunuka.

Chidawadzutsa n'chakuti mayi a kunyumba adalamula. "Bambo a ana," adatero usiku wina, "chimanga chauma, chiswe chayamba, akuba nawo ali maso. Kalatayo mukapanda kupereka mawa, ndikapereka ndine. Ndivala chitenje changa cha kumvano, ndikawaone bwana anuwo." A Zengerezu ataganizira za akazi awo ali muofesi ya bwana, adaona kuti mwa zoopsa ziwirizi, chaching'ono ndi bwana.

Maphunziro a kulimba mtima adayambira m'bafa mbandakucha. Adayesa kaye mawu odzichepetsa: "Pepani bwana, ndakusokonezani, ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, ngati n'kosatheka palibe vuto." Atamvetsera bwino, adaona kuti adzikaniza okha bwana asanatsegule pakamwa. Adayesa mawu a ukali: "Bwana, malinga ndi lamulo!" Mwana wa aneba amene ankadikira bafa adathawa ndi ndowa yake.

M'minibasi adapitiriza chamumtima, koma milomo idawapereka. Atafika pa mawu akuti "ndikufuna kupuma", adawatulutsa mokweza. Kondakitala adamenya denga la minibasi n'kunena kuti, "Tsitsa madala apume!" Adatsika, poti kufotokoza kukadatalika, ndipo mtunda wotsalawo adayenda wapansi akubwereza mawu awo.

Ofesi iliyonse ili ndi nthambi yake yoona zanyengo, ndiyo sekilitale wa bwana. A Zengerezu adawerama pa desiki yake n'kunong'ona kuti, "Chemwali, kunja kuli bwanji lero?" Iye osadzutsa mutu adati, "Tiyi amwa, koma shuga anakana. Lowani msanga foni ya ku likulu isanabwere." A Zengerezu adayenda mpaka pachitseko, adakweza dzanja, ndipo pomwepo mwambi udasiya kukhala mwambi. M'mimba mudabwadamuka zenizeni. Chitseko choyamba chimene adatsegula m'mawa umenewo chidali cha kuchimbudzi.

Kumeneko kuli galasi, choncho adayeserera komaliza. Adasankha kaimidwe, adakonza tayi, adayesa kupereka envulopu ndi manja awiri, kenako ndi dzanja limodzi linalo litagwira pachigongono. Adati kwa galasi, "Bwana, ndabwera ndi kalata ya tchuthi." Kuchokera m'kachipinda kotseka mudatuluka mawu a mesenjala: "Ndavomera, akulu, pitani. Mundigulireko mbatata pa Tsangano."

Kachiwiri adagogoda. Kugogoda kwake kudali kofewa moti adayenera kubwereza.

"Lowani."

Bwana sadadzutse maso pa mafayilo. Mawu onse a m'bafa, a m'minibasi ndi a pagalasi adabalalika, ndipo chimene chidatuluka n'chakuti, "Bwana, mwadzuka bwanji, kunyumba, ana, mvula chaka chino." Bwana adangotambasula dzanja. Adatsegula envulopu yofewa ija ndi nsonga za zala, adawerenga, n'kutenga cholembera chofiira.

"Kalata iyi ikuti mukufuna kukathira feteleza. Mu Epulo?"

Pa makalata onse amene adalemba, a Zengerezu adatenga ya Febuluwale.

Bwana adafunsa mafunso atatu okha, ndipo palibe ngakhale limodzi limene lidakonzekeredwa pagalasi. Loyamba: mukuyamba liti? A Zengerezu adati Lolemba pa 4 Meyi. Lachiwiri: mubwera liti? A Zengerezu adati pakatha masabata atatu, Lolemba pa 25. Bwana adatembenuza kalendala ya pakhoma. "Kalaliki wa zachuma osadziwa kuwerenga masiku ake omwe? Loweruka ndi Lamlungu sitiwerenga. Pa 14 Meyi ndi tsiku la Kamuzu, limenelo n'la boma, si lanu. Sabata yoyamba masiku 5, yachiwiri 4, yachitatu 5. Akwana 14. La 15 ndi Lolemba pa 25. Mubwere Lachiwiri pa 26, hafu seveni." Munthu amene ankamuopa kuti awamana tchuthi adawabwezera tsiku limene ankafuna kudzibera okha.

Funso lachitatu ndilo lidali ndi mano: makiyi a kabati ya ndalama, buku la ndalama zing'onozing'ono ndi malisiti musiyira yani? A Zengerezu adati sadaganizepo, poti ntchito imeneyi amaidziwa ndi iwo okha. Apa bwana adavula magalasi.

"Vuto lake ndi limenelo. Mukudziwa kuti owerengera chuma atabwera adafunsa za inu? Munthu wosunga ndalama amene sapita ku tchuthi amawadetsa nkhawa. Wakuba safuna kuti wina akhale pampando wake ngakhale sabata imodzi, chifukwa malisiti abodza amaoneka mwini wake akachokapo. N'chifukwa chake mabanki ambiri amachita kukakamiza antchito awo kupita ku tchuthi. Ine ndakhala ndikukuyang'anani kuyambira Januwale."

A Zengerezu adafuna pokhala. Miyezi yonse ija ankaganiza kuti diso la bwana likuyamikira kudzipereka kwawo, pamene linkawerenga ngati agula nsapato zatsopano. Kuyasamula kuja bwana ankakuona, ndipo ankati ndi munthu amene chikumbumtima chikumusowetsa tulo.

Zotsalazo zidatha msanga. Bwana adalamula kuti Lachisanu lisanafike awerengere limodzi ndalama za m'kabati ndi mnzawo wowagwirira, onse awiri asaine, ndipo alembe pepala la ngongole zimene zikudikira kulipidwa ndi masiku ake. Za masiku a chaka chinacho, amene adangodutsa osatengedwa, bwana adati, "Tidagwirizana liti kuti muwasunge? Lembani kalata ina, ya deti lolondola, tiwaike mu Ogasiti. Zapakamwa ine sindisunga." Adasaina fomu, adadinda, nabwerera ku mafayilo ake. Tiyi wa pa desiki adali asanazizire.

Anthu ambiri timaganiza kuti bwana wovuta amafuna kunyengereredwa, choncho timataya nthawi kusula mawu okoma ndi zifukwa zomvetsa chisoni, mpaka kudwalitsa agogo amene adamwalira kalekale. Bwana wovuta sasowa nkhani. Chimene chimamusowetsa mtendere ndi mpando wopanda munthu pa tsiku lolipira anthu. Mukamubweretsera tsiku lopita, tsiku lobwera ndi dzina la wokugwirirani, mwamulanda zida zonse. Ndipo kuchedwa sikumufewetsa. Kumangopatsa anzanu mpata wotenga miyezi yabwino, inu n'kutsala ndi Febuluwale, mwezi umene kumudzi amakulandirani ndi khasu ndi nkhani za njala.

A Zengerezu adatuluka muofesimo chifuwa chili patsogolo. Adauza sekilitale kuti bwana amangofunika kuwalankhula mwachimuna, ndipo sekilitale, amene adamva zonse kudzera pachitseko, adavomera mwaulemu.

Pa 4 Meyi adafika ku Ntcheu ndi maganizo ogona mpaka dzuwa litakwera. Adapeza mayi a kunyumba atakonza kale ndandanda: kukolola, kututa, kutonola, kuthira mankhwala a anankafumbwe, kusoka matumba, kufolera khitchini ya apongozi. Pofika sabata yachiwiri manja adali matuza okhaokha. Madzulo ena mwana wawo adawapeza kuseri kwa nkhokwe ataima chilili, dzanja limodzi litagwira pachigongono, akunong'oneza mtengo wa papaya kuti, "Mayi a ana, ndimati mwina mawa lokha ndipumeko."