Bwana wakale akafunsa kuti "Ndani ameneyo?"

Pa siteji ya Mangochi Turn-off sabata ino a kabaza asiya kaye za mpira, akukamba za mnyamata wina wa ku Ulongwe amene ntchito yamupulumuka ili m'manja. Akuti intavyu anakhoza bwinobwino. Pa sivii analemba mboni zitatu monga amafunira olemba ntchito, woyamba bwana wake wakale. Atawaimbira bwanawo, anayankha kuti, "Ndani ameneyo?" Zaka zitatu zonse ankamudziwa ndi dzina la pantchito, pomwe pa sivii panali dzina la pa satifiketi ya Fomu 4. Mnyamatayo akuti anamulodza. Amene amamudziwa akuti sanawauze n'komwe bwanawo kuti wawalemba.

Ku Ntaja nkhani yake ndi ina. Kumeneko bwana anauzidwa ndithu, koma sanauzidwe kuti ntchitoyo ndi yotani. Munthu akufunsira yosunga ndalama, iwo n'kuyamba kumutama kuti amayendetsa njinga yamoto ngati mphepo, matope a ku Nayuchi samuopsa. Atawafunsa za kaundula wa ndalama, anangoti, "Aaa, zimenezo sindinamuonepo." Sananame, koma ntchito inathera pomwepo.

Amene akutamandidwa ndi mayi wina wa ku Balaka, yemwe ankasunga katundu pa kampani ina yogula thonje, ndipo tsopano wapeza ntchito yofanana nayo ku bungwe lina ku Liwonde. Anzake pa chigayo akufotokoza ngati analipo. Akuti sanaflashe, anagula mayunitsi n'kuimba. Atafunsa za kunyumba ndi za mvula, anati, "Bwana, ndikufunsira ntchito yosunga katundu. Kodi mungalole kuti ndikulembeni ngati mboni yanga? Ngati n'kovuta mundiuze, sindidandaula." Mawu otsirizawo ndi amene ndawakonda ine. Kuno kwathu munthu wamkulu sakana poyera. Akati "tiona" kapena "chabwino, lembani" ndi mawu ozizira, dziwani kuti pa foni adzazizira chimodzimodzi, kafuneni wina. Bwana wa mayiyu anati, "Ndi bungwe liti? Akufuna chiyani?" Wofunsa choncho ndiye wavomera.

Madzulo omwewo mayiyo anatumiza pa WhatsApp chithunzi cha chilengezo cha ntchito, sivii yake, ndi mizere yochepa yowakumbutsa mwezi ndi chaka chimene anayamba ndi kusiya ntchito, udindo wake, komanso dzina limene lili pa sivii, poti anasintha atakwatiwa. Chilengezocho chinkafuna munthu wodziwa kuwerengera katundu mwezi ndi mwezi, ndiye anawakumbutsa za chaka chija mabelo anasowa pa kaundula, iye n'kupeza kuti lisiti imodzi inalembedwa kawiri. Sanawauze zoti akanene. Bwana amene wakhala ndi antchito makumimakumi sangakumbukire lisiti imodzi, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anafunsanso nambala imene bwanawo amayankha, poti ali ndi ziwiri ndipo ya pa sivii yakale inafa. Ataitanidwa ku intavyu anaimbanso: "Bwana, sabata ino mukaona nambala yachilendo, chonde yankhani, si angongole."

Pa depoti ya Balaka pali mkangano wokhudza amene anasiyana ndi abwana awo mokangana. Madala wina amene anagwirapo ntchito ku njanji akuti m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati ntchito ikatha, wolemba ntchito apereke kalata ngati wantchito wapempha, yonena nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chosiyira ntchito, kapena maganizo a bwana pa kagwiridwe kanu, zimalowamo pokhapokha inu mwini mutapempha. Kalata imeneyo ndi ufulu wanu. Koma kukuyankhulirani zabwino pa foni, palibe lamulo lomukakamiza bwana. Ngati munatuluka mukumenyetsa chitseko, tengani kalatayo, ndipo umboni mukapemphe kwa kapitawo kapena wachiwiri wawo amene ankaona ntchito yanu tsiku ndi tsiku.

Wina anafunsa ngati angalembe amalume ake, poti dzina la bambo n'losiyana. Depoti yonse inaseka. Akuti ku Nselema wina anayesa, ndipo amalumewo atafunsidwa kuti anagwira naye ntchito kuti, anati, "Mwana ameneyu ndamulera ndekha."

Mayi wa thonje uja akuti atalandira malipiro oyamba anakwera minibasi kukathokoza, atanyamula nkhuku. Ena akuti chinali chambo cha pa baraji ya Liwonde. Mnyamata wa ku Ulongwe wafunsiranso kwina, ndipo a kabaza akuti Lachiwiri anamuona pa geti pa bwana uja, sivii ili m'manja, akudikira kuti adzuke.